Marefelensi ndi Bibuliyogirafe: Mindandanda Iwiri, Mafunso Awiri

  Ena mwa inu muli Fomu 4 ndipo posachedwapa mukhala m'makoleji. Ena ndinu aphunzitsi amene mukuwonjezera maphunziro muli pantchito, mukulemba maasayimenti usiku ana atagona. Ena muli pakati pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Nonsenu mumakumana ndi tsamba limodzi lomwe ambiri amalilemba mothamanga, tsiku lopereka ntchito litafika: tsamba lakumapeto, pamene pamandandalikidwa mabuku ndi magwero ena. Pamwamba pa tsambalo ena amalembapo References, ena amalembapo Bibliography, ndipo ambiri amaganiza kuti n'chinthu chimodzi. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka ikhazikike: mindandanda iwiriyi imayankha mafunso awiri osiyana. Mndandanda wa marefelensi umayankha funso lakuti, kodi zimene mwanena m'nkhani yanuzi mwazitenga kwa yani? Bibuliyogirafe imayankha funso lakuti, kodi pokonza nkhaniyi munawerenga ndi kufunsa ziti? Ndiyenda nanu m'mfundo zinayi. Yoyamba, kusiyana kwenikweni kwa mindandanda iwiriyi. Yachiwiri, momwe tingapatulire magwero, pogwiritsa ntchito chitsanzo cha nkhani ya mzinda wathu uno wa Lilongwe. Yachitatu, momwe tingasanjire zimene tapatulazo. Yachinayi, mayankho kwa amene akuona kuti zonsezi n'zongovutitsa anthu.

Mfundo yoyamba: kusiyana kwake. Taganizirani mlandu wa malire a puloti pabwalo la amfumu. Mwini dandaulo asanapite kubwalo amayenda kwa anthu ambiri. Amafunsa amalume ake, amacheza ndi gogo amene anaona malowo akugawidwa, amamva maganizo a anansi. Koma tsiku la mlandu, amene amaimirira n'kupereka umboni ndi atatu kapena anayi okha, ndipo mlembi wa bwalo amalemba maina a okhawo amene ayankhula. Akalemba dzina la munthu amene sanatsegule pakamwa, buku la bwalo lanama. Akasiya dzina la mboni imene inayankhula, chigamulo chilibe poimira. Mndandanda wa marefelensi ndi buku la mlembi uja: muli mboni zokhazo zimene zayankhula m'nkhani yanu. Bibuliyogirafe ndi maina a onse amene anakupatsani nzeru, kaya anafika pabwalo kaya sanafike. Choncho lamulo la marefelensi ndi lakuti gwero lililonse lotchulidwa m'kati mwa nkhani lipezeke kumapeto, ndipo lililonse lopezeka kumapeto likhale litatchulidwa m'kati. Mbali ziwirizi zifanane ndendende, popanda chotsala kapena chowonjezera. Bibuliyogirafe ili ndi khomo lotakasuka, chifukwa imalandira zonse za m'marefelensi n'kuwonjezerapo zimene munawerenga koma simunazitchule. Komabe khomolo lili ndi mlonda wake: chimene simunachiwerenge sichilowa.

Kuti muone kuti awa si maina awiri a chinthu chimodzi, dziwani kuti bibuliyogirafe ikhoza kuima payokha popanda nkhani iliyonse patsogolo pake, pamene marefelensi sangathe kutero. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zikalata zakale za dziko lino, National Archives of Malawi. Malamulo a dziko amalamula kuti wosindikiza buku m'Malawi apereke kope kumeneko, ndipo kuchokera m'mabuku operekedwawo ofesiyi yakhala ikukonza Malawi National Bibliography, mndandanda wa zimene zasindikizidwa m'dziko muno. Mndandanda umenewu suikira umboni nkhani ya munthu aliyense. Ntchito yake ndi kuuza wofufuza kuti zolembedwa zilipo ndi izi. Marefelensi ataduka pa nkhani yake amasanduka maina opanda ntchito, chifukwa anabadwira kutumikira nkhani imodzi yokhayo. Ndi chifukwa chake ndikuti marefelensi amayang'ana m'mbuyo, ku ziganizo zimene mwalemba kale, pamene bibuliyogirafe imalozera wowerenga kutsogolo, kumene angakapeze zambiri.

Mfundo yachiwiri: kupatula magwero. Tiyerekeze kuti wophunzira wina wapatsidwa ntchito yolemba za kukula kwa Lilongwe ndi moyo wa m'makomboni ake, makamaka Chinsapo. Wasonkhanitsa zinthu khumi. Choyamba ndi nkhani ya Deborah Potts ya 1985 yofotokoza kusamutsidwa kwa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, komwe kunachitika mu 1975. Waitchula m'ndime yake yoyamba. Chachiwiri ndi nkhani ya Harri Englund ya 2002 yokamba za anthu obwera kuchokera kumidzi amene akukhala ku Chinsapo, ndi momwe amasungira ubale ndi kwawo. Waitchula kangapo. Chachitatu ndi buku la Englund yemweyo, lotulukanso mu 2002, la moyo wa anthu a m'malire a Malawi ndi Mozambique pa nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake. Walitchula kamodzi, pokamba za midzi imene anthu amachokera. Chachinayi ndi lipoti la kalembera wa 2018 lomwe National Statistical Office inatulutsa mu 2019, momwe watengamo chiwerengero chakuti mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318. Chachisanu ndi lipoti la UN-Habitat la 2011 lofotokoza za mzinda wa Lilongwe, lomwe walitchula pokamba za madzi ndi nyumba. Zisanu zimenezi zilibe mkangano. Zonse zayankhula m'nkhani, ndipo wowerenga akhoza kukazipeza ku laibulale kapena pa intaneti n'kutsimikiza. Zimalowa m'marefelensi, ndipo ngati akulemba bibuliyogirafe zimalowanso momwemo.

Zisanu zotsalazo ndiye zimene zimayesa munthu. Chachisanu ndi chimodzi ndi buku la John McCracken la 2012 la mbiri ya Malawi kuyambira 1859 mpaka 1966. Wophunzira wathu analiwerenga kuti amvetse momwe dziko linalili likulu lisanasamuke, koma m'nkhani yake mulibe chiganizo chochokera m'bukulo. Chachisanu ndi chiwiri ndi Mbiri ya Achewa ya Samuel Josia Ntara, yomwe anaiwerenga kuti adziwe za eni dera lino mzinda usanabwere, koma nayonso sanaitchule. Mabuku awiriwa alibe malo m'marefelensi, ngakhale ndi olemera ndipo anamuthandiza. Malo awo ndi m'bibuliyogirafe. Apa ndichenjeze, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Ngati m'nkhani muli ganizo limene wophunzirayo analitenga kwa McCracken n'kulinena m'mawu akeake, ndiye kuti McCracken wayankhula, ndipo ayenera kutchulidwa pa chiganizo chomwecho ndi kulowa m'marefelensi. Kuika buku m'bibuliyogirafe sikukhululukira munthu amene watenga ganizo la mwini popanda kulozera pamene walitenga. Kumeneko ndi kuba nzeru za eni, ndipo makoleji amalanga nako. Choncho funso lodzifunsa pa buku lililonse si lakuti, kodi ndinakopera mawu ake? Funso ndi lakuti, kodi m'nkhani yanga muli mfundo, chiwerengero kapena ganizo limene sindikanalidziwa popanda bukuli?

Chachisanu ndi chitatu ndi kucheza kumene wophunzirayo anachita ndi mayi wina wachikulire amene wakhala ku Chinsapo zaka zambiri, ndipo mawu a mayiwo awagwiritsa ntchito m'nkhani. Apa kalembedwe kamene koleji yanu imatsatira ndiko kamalamula. M'kalembedwe ka APA, kamene makoleji ambiri amagwiritsa ntchito pa maphunziro a zauphunzitsi ndi zaumoyo, kucheza kumene wowerenga sangakakupeze paliponse kumatchulidwa m'kati mwa nkhani mokha ndipo sikulowa m'marefelensi. Olemba mbiri yakale, amene kawirikawiri amagwiritsa ntchito manotsi a m'munsi mwa tsamba pamodzi ndi bibuliyogirafe, amakonda kupatula gawo la anthu ofunsidwa, momwe amalembamo malo ndi tsiku la kuchezako, ndi dzina ngati mwini wake wavomera. Chachisanu ndi chinayi ndi pulani ya mzinda watsopano ya 1968, yomwe wophunzirayo sanaionepo ndi maso. Tiyerekeze kuti anangoipeza ikufotokozedwa m'nkhani ya Potts. Pulaniyi siilowa mu mndandanda uliwonse. M'kati mwa nkhani anene poyera kuti zimene akunena za pulaniyo wazimva kudzera kwa Potts, zomwe mu APA zimasonyezedwa ndi mawu akuti as cited in, ndipo kumapeto alembe Potts yekha. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati amene munamutuma kukuwerengerani anaphonya, inu mudzasenza cholakwacho mutasainira kuti munaona nokha. Chakhumi ndi uthenga umene unazungulira m'magulu a pa WhatsApp, wopanda dzina la wolemba, wopanda tsiku, wonena za chiwerengero cha anthu a ku Chinsapo. Umenewu si umboni, ndipo ulibe malo m'nkhani kapena kumapeto kwake. Ngati mfundo yake ndi yofunika, afufuze gwero lenileni.

Tiwerengere pamodzi tsopano. Pa zinthu khumi zija, marefelensi a APA atenga zisanu. Bibuliyogirafe ya wolemba mbiri itenga zisanu ndi zitatu: zisanu zija, mabuku awiri owerengedwa koma osatchulidwa, ndi kucheza ndi mayi uja. Ziwiri, pulani yosaonedwa ndi uthenga wopanda mwini, zatsala kunja konse. Mulu wa mabuku ndi womwewo, wophunzira ndi yemweyo, nkhani ndi yomweyo, koma mindandanda yatuluka yosiyana, chifukwa mafunso ake ndi osiyana: mwazitenga kwa yani, ndiponso munawerenga ziti.

Mfundo yachitatu: kusanja. Gwero lililonse, kaya lili m'marefelensi kaya m'bibuliyogirafe, liyenera kuyankha zinthu zinayi: analemba ndani, liti, mutu wake ndi wotani, ndipo lingapezeke kuti. Nkhani ya Potts ija, m'kalembedwe ka APA, imalembedwa motere: Potts, D. (1985). Capital relocation in Africa: The case of Lilongwe in Malawi. The Geographical Journal, 151(2), 182–196. Onani kuti dzina la makolo lili patsogolo, kenako chilembo choyamba cha dzina lake, kenako chaka. Zili choncho chifukwa m'kati mwa nkhani wophunzira analemba dzina la makolo ndi chaka basi, ndipo diso la wowerenga likafika kumapeto limafunafuna zinthu ziwiri zomwezo kumayambiriro kwa mzere. Manambala a kumapetowo akutanthauza voliyumu 151, gawo lachiwiri la chakacho, masamba 182 mpaka 196. Wogwira ntchito ku laibulale mukam'patsa manambala amenewa akupezerani nkhaniyo msanga. Mukam'patsa mutu wokha, muchedwa naye. Pa buku, m'malo mwa manambalawo mumalemba dzina la kampani yosindikiza, ndipo kuyambira pa kope lachisanu ndi chiwiri la malamulo a APA, dzina la mzinda umene bukulo linasindikizidwira silifunikanso, ngakhale makalembedwe ena amalifunabe. Chaka chikapanda kupezeka konse mumalemba n.d., osati kupeka. Ndipo lembani kope limene munaligwira m'manja. Mbiri ya Achewa inayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1973 inatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, yomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, ili ndi ndemanga za Harry Langworthy. Amene anawerenga ya Chichewa n'kulemba ya 1973 wasocheretsa wowerenga, chifukwa masamba ake sagwirizana ndipo ndemanga za Langworthy m'kope la Chichewa mulibe.

Marefelensi a APA amasanjidwa mu mndandanda umodzi, motsatira afabeti ya maina a makolo, osapatula mabuku pawokha ndi malipoti pawokha, ndiponso osaika manambala. Kwa wophunzira wathu, Englund ndiye ayambe, kenako National Statistical Office, kenako Potts, n'kumalizira UN-Habitat. Bungwe likakhala kuti ndilo mwini lipoti, dzina lake limaima pamalo a wolemba ndipo limasanjidwa ngati dzina la munthu. Vuto lili pa Englund, amene ali ndi ntchito ziwiri za chaka chimodzi. Wophunzira akangolemba Englund ndi 2002 m'kati mwa nkhani, wowerenga sangadziwe ngati akunena buku kapena nkhani ya Chinsapo. Njira yake ndi kusanja ntchito ziwirizo motsatira afabeti ya mitu yawo n'kuwonjezera chilembo pa chaka. Mutu wa buku ndi From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland, woyamba ndi F, choncho bukulo ndi 2002a. Mutu wa nkhani ndi The village in the city, the city in the village: Migrants in Lilongwe; kaliwu koyambako sikawerengedwa posanja, ndiye timayambira pa V, ndipo nkhaniyo ikhala 2002b. Zilembozi zilembedwe konse kuwiri, m'kati ndi kumapeto. Maina athu a kuno alinso ndi zake. Olemba a Phiri ndi a Banda ndi ambiri, choncho pakakhala D. D. Phiri ndi Kings M. Phiri mu mndandanda umodzi, zilembo za maina oyamba ndizo zimawalekanitsa: wa D amayamba, wa K amatsatira, ndipo m'kati mwa nkhani zilembozo zimalembedwanso. Kusanja kumayenda chilembo ndi chilembo, kotero kuti McCracken amabwera pambuyo pa Mapanje koma patsogolo pa Mchombo, popeza C amatsogolera H. Maudindo monga Dokotala, Pulofesa kapena M'busa salowa, ngakhale ife timalemekeza anthu potchula maudindo awo. Pa tsamba ili ulemu wake ndi kulemba dzina molondola.

Bibuliyogirafe ikhoza kusanjidwa mu mndandanda umodzi chimodzimodzi, koma ikakhala yaitali, makamaka pa mbiri yakale, imagawidwa m'magawo, ndipo m'gawo lililonse afabeti imayambiranso. Kugawa kodziwika ndi kwa magwero oyamba ndi magwero achiwiri. Oyamba ndi umboni wochokera pa nthawi ndi pa malo a nkhaniyo: mafailo a ku Zomba, amene amalembedwa ndi nambala ya failo, malipoti a boma, nyuzipepala za nthawiyo, ndi anthu ofunsidwa. Achiwiri ndi zimene akatswiri analemba atasanthula umboniwo. Wophunzira wathu aika mayi uja m'gawo la ofunsidwa, malipoti a kalembera ndi a UN-Habitat m'gawo la malipoti, ndipo Englund, McCracken ndi Potts m'gawo la mabuku ndi nkhani. Nanga Ntara apite kuti? Apa mpofunika kudekha, chifukwa gwero silibadwa loyamba kapena lachiwiri. Funso la kafukufuku ndilo limaliika pamalo. Ntara anasonkhanitsa mbiri yake kwa akuluakulu a m'midzi. Kwa wofufuza za momwe Achewa ankafotokozera chiyambi chawo m'zaka za m'ma 1940, bukulo ndi umboni woyamba. Kwa wophunzira wathu, amene analiwerenga pongofuna chithunzi cha kale, likhoza kukhala pamodzi ndi McCracken. Musachulukitse magawo: magwero asanu ndi atatu m'magawo asanu ndi limodzi ndi kusokoneza wowerenga, amene adzafuna dzina limodzi m'malo ambiri.

Mfundo yachinayi: mayankho kwa otsutsa. Wina anena kuti, malekichala enieniwo amasakaniza mawu awiriwa, ndipo pali mabuku ambiri amene bibuliyogirafe yawo ili ndi zotchulidwa zokhazokha. Nanga ife tivutikirenji? Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo sindikuzikana. M'kalembedwe ka Chicago, ka manotsi a m'munsi mwa tsamba, bibuliyogirafe nthawi zambiri imakhala ya zotchulidwa, mwina n'kuwonjezerapo zochepa. Koma kusakanizika kwa maina sikuchotsa kusiyana kwa mafunso. Ngakhale pamwamba palembedwe chiyani, wolemba ayenera kudziwa ngati mndandanda wake ukulonjeza kuti zonsezi zatchulidwa, kapena kuti zonsezi zawerengedwa. Ndipo popeza maina amasakanizika, mankhwala ake ndi kufunsa musanayambe: tikutsatira kalembedwe kati, ndipo mukufuna zotchulidwa zokha kapena ndi zowerengedwa zomwe? Safunsa anadya phula. Madipatimenti ambiri ali ndi kabuku ka malangizo a kalembedwe, ndipo pamene kabukuko kasiyana ndi zimene ndanena pano, tsatirani kabukuko.

Wina anena kuti, mndandanda wautali umaonetsa kuti munthu wawerenga, ndipo umabweretsa malikisi. Amene amaganiza choncho amakopera maina a mabuku kumapeto kwa nkhani za ena n'kuwamata pa yawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wochonga wodziwa ntchito amazigwira nyererezo mosavuta, chifukwa zizindikiro zake n'zoonekeratu. Kumapeto kuli maina makumi atatu koma m'kati mwatchulidwa asanu ndi awiri. Mizere ina chaka chili m'mabulaketi, ina chili kumapeto, kusonyeza kuti inakoperedwa m'malo osiyanasiyana. Muli mabuku a zinenero zimene wophunzirayo sawerenga. Ndipo pa tsiku loteteza kafukufuku, funso limodzi lakuti, kodi buku ili likunena chiyani pa nkhani yanu, limagwetsa zonse. Dzina lililonse limene mwalemba ndi lonjezo lakuti mukhoza kuyankha funso limenelo. Magwero asanu amene mukuwadziwa bwino amakuimirirani kuposa makumi atatu amene simunawatsegule.

Chotsutsa chachitatu ndi cholemera, ndipo ndikuchilemekeza. Wina anena kuti, mbiri yathu yambiri ili m'kamwa mwa akuluakulu, osati m'mabuku. Kodi kusiya mayi wa ku Chinsapo uja kunja kwa marefelensi, pamene mlendo amene anabwera kudzafunsa anthu a ku Chinsapo komweko ali pamwamba pa mndandanda, si kunyoza nzeru za kwathu? Dandauloli lili ndi maziko. Koma tiyang'ane chifukwa chake lamulo lili choncho. Silikunena kuti mawu a mayiwo ndi opepuka. Likunena kuti marefelensi ndi a zinthu zimene wowerenga angathe kukazitsimikiza yekha, ndipo kucheza kumene kunachitikira pakhonde n'kuthera pomwepo sangakupeze. Njira yolemekezera mayiwo ilipo, ndipo ili m'manja mwathu. Atchulidwe bwino m'kati mwa nkhani. Pamene kalembedwe kalola, akhale ndi gawo lawo m'bibuliyogirafe, kapena mndandanda wa ofunsidwa uikidwe m'zowonjezera za kumapeto. Ndipo koposa zonse, ngati iwo avomera, kuchezako kujambulidwe, kulembedwe, n'kukasungidwa ku laibulale kapena kumalo osungira zikalata kumene ena angakakupeze. Zikatero, mawu awo asanduka gwero lopezeka, ndipo ngakhale APA imawalandira m'marefelensi. Ntara anachita zomwezo ndi mawu a akuluakulu a nthawi yake, n'chifukwa chake lero tikutha kuwawerenga ndi kuwatchula.

Chotsutsa chomaliza ndi chakuti, kompyuta imachita zonsezi yokha. Imathandizadi. Mu Microsoft Word, pa References pali Insert Citation ndi Manage Sources, ndipo palinso mapulogalamu monga Zotero ndi Mendeley. Koma kompyuta siidziwa chimene munawerenga, ndipo imangobweza zimene mwaipatsa. Mukatsegula Manage Sources mupeza mbali ziwiri, Master List ndi Current List. Word ikamapanga mndandanda wa kumapeto imatenga zonse za mu Current List, zotchulidwa ndi zosatchulidwa zomwe. Zimene zatchulidwadi m'nkhani zimakhala ndi kachizindikiro kochonga pambali pake. Ngati mukufuna marefelensi, zopanda kachizindikiroko muzichotse mu Current List musanapange mndandanda. Mukalemba National Statistical Office m'bokosi la wolemba osachonga Corporate Author, Word iganiza kuti ndi munthu, ndipo itulutsa dzina lotembenuzidwa loyamba ndi Office, n'kuliika pansi pa O. Choncho ntchito yomaliza ndi yanu, ndipo ndi yosavuta ngakhale kwa wolemba pamanja. Yambani pa tsamba loyamba la nkhani, ndipo dzina lililonse lotchulidwa mukalipeze kumapeto n'kulichonga, mukuonetsetsa kuti kalembedwe ka dzina ndi chaka zikufanana. Mukatha, bwererani: tengani dzina lililonse la kumapeto n'kulifufuza m'nkhani, ndi Ctrl+F ngati muli pa kompyuta. Lotchulidwa m'kati koma losowa kumapeto liwonjezeredwe, kupatula kucheza kumene wowerenga sangakupeze ndi gwero limene munangolimva kudzera kwa wina. Lopezeka kumapeto koma losatchulidwa m'kati lichotsedwe m'marefelensi. Ngati munaliwerengadi ndipo bibuliyogirafe ikufunika, lisamukire kumeneko.

Ndimalize ndi pempho. Kwa inu ophunzira: zonse zimene takambiranazi zimaphweka kapena kuvuta pa tsiku limene mwagwira buku koyamba. Kaya mwalibwereka ku National Library ku City Centre, kaya mwajambulitsa masamba ochepa kwa mnzanu, kaya mwalandira nkhani pa foni, lembani nthawi yomweyo wolemba, chaka, mutu, wosindikiza ndi masamba amene mwatengapo mfundo. Mukamajambulitsa, yambani ndi tsamba la mutu ndi kuseri kwake, kumene kumakhala chaka ndi dzina la wosindikiza, chifukwa mapepala opanda tsamba limeneli amasanduka amasiye. Pambali pa gwero lililonse lembani liwu limodzi mwa atatu awa: ndatchula, ndawerenga, ndangomva. Oyambawo ndi a marefelensi, oyamba ndi achiwiri pamodzi ndi a bibuliyogirafe, achitatu sakulowa mpaka mutawapeza n'kuwawerenga. Kwa inu aphunzitsi: popereka ntchito, nenani poyera mndandanda umene mukufuna ndi kalembedwe kake, ndipo yambani kuwazoloweza ana akadali ku sekondale, ngakhale ndi magwero atatu okha. Kwa tonse: marefelensi anene kumene tatenga zimene tanena, bibuliyogirafe inene zimene tawerenga, ndipo m'mindandanda yonse iwiri musalowe dzina la buku limene sitinalitsegule.